Mmene ndinapezera kukondera m'mafunso a kafukufuku wa mjigo

Mchemwali wanga ananditumizira chithunzi cha ntchito yake ya kusukulu, yomwe mphunzitsi anaibweza atangolembapo kuti kafukufukuyo ndi wokondera, osafotokoza pamene panalakwika. Papepalapo panalembedwa kuti anafunsa anthu 40 pa mjigo Loweruka m'mawa, ndipo 34 anavomera kuti mjigowo ukuthandiza mudzi wonse.

Ndinayamba ndi kudzifunsa kuti ndani amene sakanatha kupezeka pamalopo. Yankho linali lowonekeratu: aliyense amene amatunga madzi kumtsinje kapena pachitsime chifukwa mjigo uli kutali kapena chifukwa amalephera kulipira ndalama ya pamwezi sakanafunsidwa, chonsecho ndi anthu amenewa omwe akanadandaula. Kuwonjezera chiwerengero kufika pa 100 sikukanathandiza, popeza onsewo akanachokerabe pamzere womwewo wa zigubu. Tinagwirizana kuti atenge kwa amfumu kaundula wa mabanja, omwe anali 200, asankhe mwamaere nambala imodzi pakati pa 1 ndi 5, kenaka, kuyambira pa banja la nambalayo, azitenga banja lachisanu lililonse mpaka akwane 40.

Funso lenilenilo linandivuta kuliwerenga chifukwa chithunzicho chinali ndi mthunzi, koma nditachikulitsa linati: "Kodi simukuvomereza kuti mjigo wathu wabwinowu ndi wapafupi komanso wotsika mtengo?" Mawu akuti "simukuvomereza" ndi "wabwinowu" amamukankhira munthu kuyankha kuti inde, makamaka pamene a komiti ya mjigo ali pomwepo, ndiponso funsolo likufunsa zinthu ziwiri nthawi imodzi. Tinaligawa pawiri: "Mumayenda mphindi zingati kukatunga madzi?" ndi "Mwezi wathawu munalipira ndalama zingati za madzi?"