Lipoti la ngozi: timizere kapena ndime?

Forklift, galimoto yonyamulira katundu, ikagunda mashelefu mosungira katundu, ndimalemba lipoti m'njira ziwiri.

Kwa bwana wa shifiti, yemwe amawerengera pafoni ataimirira, ndimaika timizere tamadontho: nthawi, malo, wovulala, zowonongeka, ndi zomwe zachitika kale. Mzere uliwonse uziima paokha.

Kwa a inshulansi kapena komiti yofufuza, lembani ndime zathunthu. Timizere timameza mawu monga "chifukwa" ndi "kenako". Mukalemba "pansi panali mafuta" ndi "dalaivala anathamanga" paderapadera, wowerenga sadziwa chomwe chinayambitsa ngoziyo, ndiye amangoloza chala dalaivala. Ndinazionapo, munthu anatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito.

Ngati onse akuwerenga lipoti limodzi, timizere tisanu pamwamba, ndime pansi pake.