Momwe mungafikitsire waifai m'zipinda zonse za nyumba yanjerwa

Nyumba zambiri kuno ku Mzuzu, ku Katoto, Chimaliro ndi Luwinga, n'zazitali, zokhala ndi kolido pakati ndi makoma a njerwa zootcha. Rauta ya 4G timaiika pawindo la pabalaza kuti izigwira bwino netiweki, koma waifai yake ikadutsa makoma atatu imafika kuchipinda chakumapeto itafooka. Mafunde a 5 GHz ndi amene amatha msanga pakhoma, pomwe a 2.4 GHz amafika patali koma intaneti yake imayenda mochedwerapo.

Musanagule kanthu, yezani. Ikani pafoni pulogalamu yoonetsa mphamvu ya waifai, muyende nayo chipinda ndi chipinda. Mphamvuyo imayezedwa mu dBm: pamene ikuonetsa -60 dBm m'pabwino, koma ikafika -75 dBm makanema amayamba kuimaima. Kenako kwezani rauta pashelefu, kutali ndi firiji ndi kalilole, osati kuseri kwa wailesi yakanema, muyezenso. M'nyumba ya zipinda ziwiri nthawi zambiri vuto limathera pomwepa, ndipo kugula meshi, timabokosi tofalitsa waifai m'nyumba, kungakhale kutaya ndalama. Muyezenso liwiro mutaima pafupi ndi rauta. Ngati likuchepa ngakhale pamenepo, vuto lili pa netiweki yochokera kunja, ndipo meshi singalithetse.

Meshi ndi timabokosi tiwiri kapena titatu, totchedwa manodi, togawana dzina limodzi la waifai, kotero foni imasamuka yokha mukamayenda m'nyumba. Nodi yoyamba ilumikizeni ndi kebo pa chibowo cha rauta cholembedwa LAN, muisankhire njira yogwirira ntchito yotchedwa Access Point, kenako muzimitse waifai ya rautayo kuti ziwirizi zisasokonezane.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa nodi yachiwiri. Amaipititsa m'chipinda chomwe mulibe waifai chija, poganiza kuti ndi kumene ikufunika. Koma nodi imagawa zimene yalandira. Ikalandira zofooka, foni imaonetsa timizere todzaza koma tsamba osatseguka. Tiyerekeze nyumba ya zipinda zinayi, yotalika mamita 18, rauta ili kumapeto kwina. Nodi yachiwiri ikhale pakolido, mamita 8 kapena 9 kuchoka pa yoyamba, pamene foni ikuonetsabe pafupifupi -60 dBm, ndipo pakati pawo pasapitirire khoma limodzi kapena awiri. Ikhale pamwamba ngati pachifuwa pa munthu, osati pansi pafupi ndi soketi kapena m'kabati.

Dziwaninso kuti manodi otchipa akamalankhulana opanda waya, liwiro limatha kutsika ndi theka pa nodi yachiwiri. Ine ndimalangiza kulumikiza manodiwo podutsitsa kebo ya netiweki ya mtundu wa Cat6 m'siling'i, chifukwa imanyamula bwino mpaka mamita 100. Ngati mukufuna kufikitsa waifai kunyumba ya kuseri, kebo yopita mupaipi ndiyo njira yodalirika, makamaka ndi mvula ya kuno ku Mzuzu.

Pomaliza ganizirani magetsi. Nodi iliyonse imafuna soketi yake, ndipo magetsi akazima, nodi ya pakolido imazima nawo ngakhale rauta ili pa batire kapena pa sola. Choncho soketi ya pakolidoyo ilumikizidwenso ku inivetala.