Mmene ndinagwirira kasitomala wochotseredwa 25%

Lachinayi kasitomala wina anagula katundu wa K60,000 n'kulipira K45,000 basi. Malamulo athu ndi atatu: membala amachotseredwa 5%, wogula kuposa K50,000 amachotseredwa 10%, wokhala ndi kuponi 10%, koma zonse pamodzi zisapitirire 15%.

Ndinajambula tebulo papepala. Mafunso atatu a inde kapena ayi amabala mizere 8, ndipo pa mzere uliwonse ndinalemba ndekha kuchotsera koyenera ndisanayang'ane pulogalamu yathu yowerengera kuchotseraku. Ndikanayamba ndi pulogalamu, ndikanangokopera cholakwa chake.

Mu pulogalamu, mzere wa inde, inde, inde unatulutsa 25 m'malo mwa 15. Wa kuponi ndi K60,000 wopanda umembala, 20! Malire ankaikidwa kuponi isanawerengedwe. Ndinasamutsira `min(total, 15)` kumapeto, kenako n'kuonjezera mzere wa K50,000 yeniyeni, poti "kuposa" si `>=`.