Momwe mungayesere buku la sukulu musanalipire ndalama

Musanapite kukagula buku lokonzekerera mayeso a MSCE, pemphani mwana wanu akopere papepala mitu ya silabasi ya phunzirolo, chifukwa mayeso a MANEB amatsata silabasi, osati buku lomwe mwagula. Mukafika pogulitsira, tsegulani tsamba la zam'katimu ndipo mufananitse mitu yake ndi ya papepalapo. Onaninso tsamba loyandikana nalo, pomwe pamalembedwa osindikiza, chaka ndi nambala ya ISBN ya manambala 13. Ya mabuku osindikizidwa kuno ku Malawi imayamba ndi 978-99908 kapena 978-99960. Buku lomwe lilibe tsamba limeneli ndi lokayikitsa.

Koma tsamba la zam'katimu lisakukhutiritseni, chifukwa apa ndi pomwe ine ndinapwetekera. Ndinagulira mwana wanga wa Fomu 4 buku la bayoloje kwa wogulitsa wina woyala mabuku m'mbali mwa msewu ku Old Town, pa theka la mtengo wa m'sitolo. Chikuto chinali chowala ndipo mitu yonse inalembedwa pa zam'katimu. Patatha miyezi iwiri, mwanayo anapeza kuti bukulo likudumpha kuchoka patsamba 112 kupita pa 129, ndipo masamba 16 osowawo ndi omwe amafotokoza za chibadwa cha makolo. Linali lafotokope, lomatidwa ndi guluu, zithunzi za maselo zili zakuda bii moti mizere yolozera ziwalo sinkaoneka. Nditabwererako, wogulitsayo anali atasamuka. Kuchokera nthawi imeneyo ndimasankha mitu itatu pa zam'katimu, wa koyambirira, wa pakati ndi wa kumapeto, n'kutsegula masamba otchulidwawo kuti ndione ngati mutuwo ukuyambiradi pomwepo, kenako ndimadutsitsa chala m'mbali mwa buku pang'onopang'ono ndikuyang'ana manambala a masamba. Wogulitsa wokana kuti muchotse pulasitiki wokutira buku, alibenso lina loonetsera, ndi bwino kumusiyira katundu wake.

Powerenga gawo loyesera, musadalire mutu woyamba, poti ndi umene olemba amausamala kwambiri. Sankhani mutu wa pakati womwe mwanayo anaphunzira kale, awerenge tsamba limodzi yekha, kenako akufotokozereni zomwe wamva bukulo litatsekedwa. Akakanika pa nkhani yomwe akuidziwa, ndiye kuti Chingerezi cha bukulo chamukulira, ngakhale litakhala labwino kwa ena. Ayankhenso funso limodzi la kumapeto kwa mutuwo, ndipo muone ngati buku lili ndi mayankho osonyeza njira yofikira payankholo.

Ndemanga za pachikuto amasankha ndi osindikiza eni ake, choncho sizingatchule chofooka chilichonse. Funsani aphunzitsi omwe aphunzitsira bukulo chaka chathunthu kuti ndi mutu uti womwe amachita kuonjezera manotsi awo. Pa ndemanga za pa intaneti, werengani zokhazo zotchula mutu kapena tsamba, ndipo mutsimikize kuti zikunena za buku losindikizidwa chaka chomwecho ndi lomwe lili m'manja mwanu.