Momwe mungapangire masewera anuanu a pa katoni a pulojekiti ya kusukulu

Ana asukulu ambiri akauzidwa kuti apange masewera, amathamangira kupenta katoni. Malamulo amawaganizira pomaliza, ndipo tsiku loonetsa zimadziwika kuti woyamba kuponya ndiye amapambana nthawi zonse. Utoto usungeni kaye. Yambani ndi pepala, pensulo, dayisi mmodzi ndi zitsekerero za mabotolo zoimira osewera.

Tiyeni tipange masewera amodzi limodzi. Tiwatcha Ulendo wa ku Msika: wofika pamsika poyamba ndiye wapambana.

Choyamba, yezani kutalika kwa njira. Dayisi amapereka 1 mpaka 6, ndiye mukaponya kambirimbiri, kuponya kumodzi kumakuyendetsani timabokosi 3.5. Njira ya timabokosi 40 ifuna kuti munthu aponye pafupifupi ka 12. Osewera anayi aponya ka 48, ndipo ngati aliyense atenga masekondi 15, masewera atha pa mphindi 12, zomwe zikukwana bwino pa nthawi yopuma. Njira ya timabokosi 100 ndi yokongola pa katoni, koma belu lidzalira anthu asanafike pakati.

Chachiwiri, patsani wosewera chosankha. Bawo imakoma chifukwa munthu amaganiza dzenje loyambira. Masewera ongoponya dayisi n'kuyenda amatopetsa msanga. Ndiye pa kabokosi ka 15 tiike mphambano: wina adutse pamsewu, wina adule njira powoloka mtsinje pa ulalo wa mitengo.

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse. Tinene kuti poyamba mwalemba motere: njira yachidule ikupulumutsa timabokosi 8, koma powoloka uponye dayisi, ukapeza 1 wagwa m'madzi ndipo udikire ulendo umodzi osaponya. Zikumveka ngati zabwino, koma werengani. Timabokosi 8 ndi phindu loposa kuponya kawiri. Kugwa kumachitika kamodzi kokha pa maulendo 6, chilango chakenso n'chochepa. Palibe wanzeru amene angadutse pamsewu, choncho mphambanoyo ndi yongokongoletsa.

Tsopano sinthani. Njira yachidule ipulumutse timabokosi 4, komwe ndi kuponya kamodzi ndi pang'ono. Ugwe m'madzi ukapeza 1, 2 kapena 3, kutanthauza theka la nthawi, ndipo udikire maulendo awiri. Theka la maulendo awiri ndi ulendo umodzi. Phindu ndi chiopsezo zayandikana. Amene ali patsogolo mwina asankha msewu, wotsalira ayesa mwayi pa ulalo. Ine sindikonda chilango choposa maulendo awiri, chifukwa mwana wongokhala kuonerera anzake amayamba kugwedeza katoni.

Chachitatu, sewerani ndi kulemba. M'kope lembani mizere inayi: woyamba kuponya, njira imene aliyense anasankha, wopambana, ndi mphindi zimene zinatha. Yambani ndi osewera awiri, masewera 20. Woyamba akapambana 11 kapena 12, umenewo ungakhale mwayi chabe. Akapambana 16, malamulo akukondera. Mankhwala ake ndi osavuta: wina akafika pamsika, otsalawo amalize kuponya kwawo kuti onse akhale ataponya mofanana, ndipo awiri akafika limodzi, wapambana ndi amene wapitirira msika ndi timabokosi tambiri. Onaninso mzere wa njira. Ngati pafupifupi onse akuwolokabe mtsinje, chilango chidakali chopepuka.

Sinthani lamulo limodzi lokha, kenako seweraninso. Mukasintha atatu nthawi imodzi simudziwa lomwe lathandiza.

Chachinayi, lembani malamulo onse patsamba limodzi, muwapatse anzanu amene sanawaonepo masewerawa, inu mukhale pambali chete. Kukhala chete ndiye kovuta, pakamwa pamayabwa. Paliponse pamene atsutsana kapena kukucheukirani, ikani chizindikiro, chifukwa pamenepo lamulo silinamveke. Kawirikawiri amafunsa ngati awiri angakhale m'kabokosi kamodzi, ngati munthu ayenera kuima pa 15 penipeni kuti asankhe njira, ndiponso ngati wogwa m'madzi amaponyanso dayisi wowolokera akatha kudikira. Yankho lililonse lilowe m'malamulo ndi chiganizo chachifupi, monga: "Ukatha kudikira, pitiriza ulendo kutsidya, osaponyanso wowolokera."

Gulu lina latsopano likasewera mpaka kumapeto osakufunsani kanthu, tengani katoni yolimba, jambulani timabokosi ndi rula, pentani mtsinje ndi msika. Kope lija lamasewera 20 musalitaye. Liperekeni kwa aphunzitsi pamodzi ndi malamulo akale ndi atsopano, kuti aone chifukwa chimene 8 uja anasandukira 4.