Malangizo kwa a ku Zambia ogula galimoto yoyendako kale ku Mangochi

Galimoto yogulidwa ku Mangochi imagulidwa potsata malamulo a Malawi, ngakhale wogulayo akhale wa ku Chipata kapena ku Katete. Ikavuta, nkhani yake imathanso kukakambidwa kukhoti la ku Malawi, ndipo kumeneko chimene chidzakuyankhulireni ndi pepala la mgwirizano.

Musanapereke ndalama, tengani bulubuku, imene kwathu timati waitibuku, muyerekeze nambala ya chasisi ndi ya injini ndi zimene zadindidwa pachitsulo. Dzina la m'bukumo lifanane ndi la pachitupa cha amene akugulitsa. Akakuuzani kuti mwini wake ali ku Joni ndipo iwo akungomugulitsira, apereke kalata yowapatsa mphamvu zotero. Popanda kalatayo, isiyeni galimotoyo, ngakhale mtengo utakoma bwanji. Funsaninso ngati ili ndi ngongole kubanki.

Mumgwirizano mulembe mayina ndi manambala a zitupa za nonse awiri, mtundu wa galimoto, nambala yake, chasisi, injini, makilomita amene akuoneka, mtengo ndi kalipiridwe kake, tsiku ndi ola loperekera makiyi. Nenani kuti mtengowo ndi wa kwacha ya Malawi, chifukwa ndalama za mayiko onse awiri ndi kwacha. Pasainenso mboni ziwiri, ndipo wogula ndi wogulitsa aliyense atenge pepala lake.

Koma mzere wofunika kuposa yonse ndi wa mmene galimoto ilili. Chilichonse chimene wogulitsa walonjeza pakamwa chilowe papepala: "injini siitentha", "siinachitepo ngozi", "giyabokosi siinatsegulidwepo". Wogulitsa woona mtima savuta kusainira zimenezi. Amene akuyamba kuzemba, wakuuzani kale pamene pali vuto. Mukaona mawu oti galimoto yagulitsidwa "mmene iliri", dziwani kuti zovuta zambiri mwazisenza nokha, kupatula ngati anakunamizani dala.

Lamulo la malonda a katundu limasiyanitsa ogulitsa. Amene ntchito yake ndi kugulitsa magalimoto ayenera kupereka galimoto yoyenera kugwira ntchito, ngakhale sizinalembedwe. Munthu wamba wogulitsa yake yekha samangidwa chimodzimodzi. Chimamumanga ndi zimene ananena. Ndipo ngati munaiyendera galimotoyo, chilema chimene mukanachiona ndi maso, monga matayala akutha kapena galasi losweka, simungachidandaule pambuyo pake.

Tiyerekeze kuti mwagula kapikapu konyamulira usipa. Pamsewu wosalala wa ku Monkebe kakuyenda bwinobwino, koma tsiku lachitatu mukukwera phiri kupita ku Namwera, singano ya kutentha yakwera. Mwaima, injini yazizira, mwatsegula chivindikiro cha oyilo ndipo pansi pake pali phala loyera ngati tiyi wamkaka. Madzi a mulediyeta achepa popanda podontha, mukaliza injini akutulutsa thovu, ndipo kuekizozi kukutuluka utsi woyera wosatha. Izi zimaloza kugasiketi ya hedi yopsa, kapena hedi yong'aluka. Ena amathira mankhwala omata m'madzi kuti vutoli libisale masiku angapo. Ndi chifukwa chake poyesa galimoto muyenera kuipeza injini ili yozizira, kenako mukwere nayo chitunda, osati kungozungulira pa boma.

Zikatero, lekani kuyendetsa. Musalole makaniko kumasula injini wogulitsa asanadziwe, chifukwa adzati mwaiononga ndinu. Jambulani zithunzi, makaniko alembe zimene wapeza ndi mtengo wokonzera, kenako mulembereni wogulitsa kalata tsiku lomwelo, yonena chimene mukufuna: kubweza galimoto ndi kulandira ndalama zanu, kapena kuti alipire zokonzetsera. Kufulumira n'kofunika. Mukaisunga nthawi yaitali osanena kanthu, lamulo limati mwailandira, ndipo chotsala ndi chipukuta misozi chokha. Wogulitsa akakana, ngati ndi wamalonda mungakamudandaulire kubungwe la boma loona za mpikisano ndi chilungamo pamalonda, kapena kukamusumira kukhoti. Kupolisi ndi kwa nkhani yachinyengo kapena galimoto yakuba, osati yongotsutsana za gasiketi.

Kusintha umwini kumachitikira kuofesi ya boma yoona za pamsewu, pamakina olembetsera magalimoto otchedwa MalTIS. Pitani nonse awiri ndi bulubuku, mgwirizano ndi zitupa. Wogulitsa asamasuke msanga: dzina likadali lake, zindapusa ndi mafunso a ngozi zimafika pakhomo pake. Njira yabwino ndi kusunga gawo lina la ndalama mpaka mapepala atatha, ndipo gawolo lilembedwe mumgwirizano.

Ngati galimoto ikupita ku Zambia, tengani chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti si yakuba musanafike pachipata cha Mchinji. Mukawolokera ku Mwami, a ZRA adzawerengera msonkho wolowetsera galimoto, ndipo mukaulipira ndi pamene a RTSA angailembetse m'dzina lanu. Msonkhowu muufunse musanagule, chifukwa umatha kusintha mtengo wonse.