Akakuimbirani kuti "ndatumiza molakwika, mundibwezere": chitani izi musanagwire batani lililonse

Sabata yatha ndinaika chithunzi cha buthi yanga pa sitatasi nkulembapo mawu ochepa chabe: "Makasitomala anga, meseji si ndalama. Onani balansi kaye musanabweze chilichonse, ndipo pini yanu olo ine ejenti musandiuze." Anthu ambiri anandifunsa kuti nanga balansiyo tiziona bwanji munthu ali pa foni akulira, nde ndati ndilembe bwinobwino ndondomeko yake, poti pa zonse zomwe ndimaona pa windo langa kuno ku Kapata mu Chipata, chinyengo chimenechi ndicho chikudyera anthu ndalama kwambiri.

Mmene zimayambira ndi chonchi. Tinene kuti ndinu amayi ogulitsa tomato ku Saturday Market, mu foni muli K320 ya oda ya mawa. Ikulowa meseji yachizungu yooneka ngati zija mumalandira nthawi zonse, ikuti mwalandira K850 kuchokera kwa wakutiwakuti. Musanamalize nkuwerenga komwe foni yayamba kulira. Ndi bambo waulemu wake, "pepani amayi, ndimatumizira mkazi wanga ali ndi mwana ku chipatala ndiye ndaphonya nambala imodzi, chonde mundibwezere, olo mutengepo K50 ya vuto." Ka K50 ako ndi nyambo, ndipo kulirako nkofuna kuti musapeze mpata woganiza.

Choyamba dulani foni. Musaope kuti ndi mwano, muuzeni kuti "ndione kaye" basi nkudula. Chifukwa chake nchakuti munthu ali pa khutu panu simungathe kuwerenga meseji modekha, ndipo ena amayamba kukuuzani manambala oti muzidina iwo akuyankhula, mukuona ngati akukuthandizani kubweza pomwe akukuyendetsani mu menyu yotumizira ndalama zanu zomwe.

Chachiwiri, tsegulani mesejiyo muyang'ane pamwamba penipeni, pomwe pamalembedwa amene watumiza. Meseji yoona ya Airtel Money kapena MTN MoMo imabwera ndi dzina la kampani, ndipo kawirikawiri imagwera pamodzi ndi mameseji akale omwe munalandirapo ndalama. Ikakhala kuti yachokera ku nambala wamba ya munthu, zija zoyamba ndi 097, 077, 096, 076 kapena 095, dziwani kuti wina wangokhala pansi nkutaipa ndi zala zake. Amakopera meseji yeniyeni nkusintha dzina ndi ndalama. Nthawi zina balansi yomwe alemba kumapetoko siigwirizana nkomwe, inu munali ndi K320, mwalandira K850, ikuyenera kukhala K1,170 koma iwo alemba zina chifukwa sadziwa zomwe zili mu akaunti yanu. Koma musadalire maso okha apa, anyamatawa amachenjera tsiku ndi tsiku.

Chachitatu ndiye chenicheni, ndipo ichi sichinama. Dinani *115# nokha, pa foni yanu, mulowe mbali ya akaunti yanu muone balansi. Amene muli ndi apu mutha kuona momwemo, mupitenso pa mndandanda wa zomwe zalowa ndi kutuluka. Ikaonetsa K320 yomwe ija, nkhani yatha, palibe chalowa. Mukanati "mubweze" mukanatumiza ndalama zanu za tomato, ndipo poti K800 simukanakwanitsa, akanakuuzani mokoma mtima kuti "tumizani zomwe zilipozo kaye zinazo mudzamaliza." Ndawaonapo amayi ena atabwera pa buthi ndi ndalama za m'chitenje kuti ndiwaikire mu foni akwanitse kubweza, ine kuwafunsa kuti nanga ngati ndalama zinalowa mukuonjezeranji zanu, mpamene anazindikira. Tinaona balansi limodzi, munalibe kanthu.

Nanga balansi ikakwera zoona, yafika K1,170? Apa mpomwe anthu abwino mtima amapwetekera. Inde anthu amalakwitsadi nambala, ine ndemwe zinandichitikirapo, ndipo ndalamazo si zanu musazidye. Koma musabweze nokha. Muuzeni mwini wakeyo aimbe 111 ku kampani yake, apereke nambala ya thiranzakishoni, a kampani ndiwo abweze mwa njira yawo, inu mungozisiya mu akaunti osazigwira. Mukatumiza nokha, munthu wosakhulupirika atha kukadandaulanso ku kampani kuti analakwitsa, ndiye K850 yoyamba ija nkuitsekera kapena kuibweza pomwe inu mwatumiza kale ina, mwaluza kawiri. Ndipo akangoti "musabweze pa nambala iyi, tumizani pa ya mlamu wanga," kanani. Zitha kukhala ndalama zomwe abera munthu wina akufuna zidutsire kwa inu, mawa polondola apeza nambala yolembetsedwa pa reji yanu.

Chachinayi ndi pini. Mukakana kubweza, pakapita mphindi zochepa amaimba wina, mawu a muofesi, ati ndine wa kasitoma keya tikufuna tikonze vuto la ndalama zalowa molakwika, apo ayi titseka akaunti yanu. Ndi gulu lomwelo. Ena amakutumizirani kabokosi kotulukira pa sikirini kokha kopempha kuti muike pini. Werengani zomwe kalemba musanadine! Kamakhala kakunena kuti mukuvomereza kutapa kapena kulipira ndalama zakuti. Kulandira ndalama sikufuna pini ayi, pini imafunika ndalama zikamatuluka kapena mukamaona za mu akaunti yanu inu mwini mutayambitsa. Kabokosi komwe simunakaitane kakanizeni. Chimodzimodzi manambala aja amabwera pa meseji, oti mulowere mu apu, musawerengere munthu pa foni. Wa kampani weniweni safunsa pini, ine ejenti sindifunsa pini, ntchito yanga nkukupatsani foni yanu mudine nokha ine nditayang'ana kumbali. Ndipo abale, chaka chobadwa si pini, chili pa reji yanu chomwecho, komanso zolemba pini kuseri kwa foni kapena pa kapepala mu kava tisiye.

Manje ngati mwatumiza kale, musayambe ndi kulira kapena kuimbira wakubayo kumuchonderera, akungokutayitsani nthawi pomwe mnzake akutapa. Imbani 111 nthawi yomweyo, muwauze nambala yomwe mwatumizako, ndalama zingati, nthawi yanji, ndi nambala ya thiranzakishoni yomwe ili mu meseji yotsimikiza ija. Meseji imeneyo musafufute, ngakhale yabodza ija isungeni. Kunena zoona, ndalama zikakhala zatapidwa kale kubweza nkovuta, mwayi ulipo pomwe zikadali mu akaunti ya wakubayo, nchifukwa chake mphindi zoyambazo zili zofunika. Ngati munaulula pini isintheni pompo pa *115#, ikakana pitani ku shopu ya kampani ndi reji yanu. Kenako kapereke lipoti ku polisi, ndipo nambala ya wakubayo muinene pa *707#, njira yomwe a ZICTA anakhazikitsa yonenera manambala achinyengo. Olo simunaberedwe, ineneni ndithu.

Kwa amene muli ndi makolo kumudzi, ku Chadiza, Katete, Lundazi uko, nyengo yogulitsa chimanga ndi soya ndi yomwe mafoni otere amachuluka chifukwa akudziwa kuti mu mafoni muli kanthu. Ambuya ambiri meseji yachizungu sawerenga, amangomva mawu a pa foni. Akhazikeni pansi muwaonetse kudina *115# kawiri katatu mpaka azolowere, ndipo mugwirizane kuti wina akaimba za ndalama adule aimbire inu kaye, kapena apite kwa ejenti yemwe amamudziwa nkhope akaone balansi limodzi, pini akudina okha.